Kodi lonjezo la boma limamanga mpaka pati?

Timakonda kunena kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, potanthauza kuti mawu ukawatulutsa subweza. Koma Herode akanacita bwino kuswa lonjezo lakelo. Ndiye funso langa ndi ili: boma likalonjeza munthu cinthu, kenako n'kuona kuti nzeru zasintha, liyenera kusunga mawu kapena kusintha? Boma si munthu mmodzi. Ndalama zimene limasunga n'za anthu onse, ndipo likadzimanga ndi mawu a dzulo, ena amene sanalonjezedwe kanthu ndiwo amavutika.

Makhoti a ku Mangalande analimbana nalo funsoli pa mlandu wa mayi Pamela Coughlan. Mayiwa anacita ngozi ya pamsewu mu 1971 n'kufa ziwalo, ndipo anakhala m'cipatala zaka zoposa makumi awiri. Mu 1993 akuluakulu a zaumoyo m'dera la Devon anawapempha, pamodzi ndi odwala anzawo ocepa, kuti asamukire kunyumba yatsopano yochedwa Mardon House. Anawalonjeza kuti kumeneko kudzakhala kwawo moyo wawo wonse. Iwo anavomera cifukwa ca mawu amenewo. Mu 1998 akuluakulu aja anaganiza zotseka nyumbayo, ati ikudya ndalama zambiri, ndipo anati adzawalipirira cisamaliro kwina.

Mu 1999 khoti la apilo linakana. Linati cimene mayiwa analonjezedwa ndi mudzi, osati ndalama za cisamaliro, ndipo boma silinawapatse malo ofanana nawo. Oweruza anayang'ana zinthu zingapo: mawuwo anali omveka, opanda «mwina», anauzidwa kwa anthu owerengeka m'manja, anali okhudza cinthu cacikulu pa moyo wawo, ndipo kusunga lonjezolo kukanangodyera boma ndalama basi. Pamenepo kuswa mawu kunali kupondereza munthu ndi mphamvu za udindo.

Ndimauona mlanduwu ngati wolemera cifukwa nthawi zambiri khoti silifika pamenepo. Kawirikawiri cimene munthu amapata ndi mwayi woti amvedwe, osati cinthu ceniceni cimene ankafuna. Mu 1980 boma la Hong Kong linalengeza kuti anthu olowa popanda zikalata kucokera ku Makau, dera limene linali m'manja mwa Apwitikizi monga tinaliri ife, adzafunsidwa ndipo nkhani ya aliyense idzaonedwa payokha. Bambo wina, Ng Yuen Shiu, analamulidwa kucoka asanapatsidwe mpata wofotokoza zifukwa zake. Mu 1983 oweruza a ku London anafafaniza lamulo lomucotsalo. Sanati akhale m'dzikomo. Anangoti boma limumvere kaye monga linalonjezera, likatero lingathe kumucotsa ndithu. Kusiyana kwake n'kumeneku: wina analonjezedwa njira, wina analonjezedwa cinthu, ndipo khoti limafulumira kuteteza njira kusiyana ndi cinthu.

Nanga boma lingabwerere liti pa mawu ake? Likaonetsa cifukwa ca anthu onse colemera kuposa cisalungamo cimene wolonjezedwayo akumane naco, ndiponso likaonetsa kuti lonjezolo linaliganizira posintha, osati kungoliiwala. Mu 1984 boma la Margaret Thatcher linaletsa anchito a ku likulu lina la ukazitape kukhala m'mabungwe a anchito, osawafunsa, ngakhale kuti kwa zaka zambiri ankafunsidwa zikamasintha zinthu. Oweruza anavomera kuti cizolowezico cinawapatsa ciyembekezo coyenera, koma anati citetezo ca dziko capambana. Komanso mkulu wa ofesi akalonjeza cimene lamulo silimulola kupereka, mawu akewo samanga boma. Ndipo zimene andale amalankhula pa msonkhano wa cisankho sizilowa m'gululi, ngakhale mutaombera m'manja cotani.

Ife kuno malamulo athu anatsata a Cipwitikizi, ndipo nkhani yotereyi imakambidwa pansi pa mfundo yoti boma ndi nzika azicitirana mokhulupirika. Abale athu a kutsidya kwa malire anatsata a Cingelezi, ndipo ndime 43 ya malamulo aakulu a Malawi imachula ciyembekezo coyenera mwacindunji, n'kuwonjezera kuti munthu apatsidwe zifukwa zolembedwa.

Pali cimodzi cimene cimandivuta. Muyeso umenewu umakomera lonjezo lopita kwa anthu ocepa, pamene lonjezo lopita kwa mudzi wonse kapena cigawo conse limasweka mosavuta, cifukwa oweruza amati imeneyo ndi nkhani ya kayendetsedwe ka dziko, ikathere kwa andale. Ndikumvetsa kuti woweruza sanasankhidwe ndi anthu kuti azigawa cuma ca boma. Komabe zikutanthauza kuti mabanja zikwi zambiri amene anasamuka cifukwa ca mawu a boma angatuluke m'khoti ali ndi ufulu womvedwa cabe, pamene mayi mmodzi wa ku Devon anatsala m'nyumba yake.