Ukafika ku Zomba, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, amayi ako andiuza kuti dzina lako latuluka ndipo ukupita ku Yunivesite ya Malawi, ku Chirunga kuja kumene ambiri timangokutchulabe kuti Chanko. Andiuzanso kuti usiku sukugona, ukuopa kuti mwana wa sekondale yoyendera ngati iwe ukalankhula chiyani pakati pa ana a m'tauni. Ine ndinaphunzitsa pa koleji ina kwa zaka zambiri, ndipo ana amantha ngati iwe ndinawaona chaka ndi chaka. Amene zinkawavuta kwambiri sanali osowa nzeru. Anali amene anatseka pakamwa m'masabata awiri oyamba, kenako nazolowera.

Masabata awiri amenewo usawataye. Nthawi imeneyo aliyense wa chaka choyamba ndi mlendo, nonse mukusochera pofuna chipinda chophunziriramo, onse akukutchulani mayaro, ndipo kulankhula ndi munthu wosamudziwa sikudabwitsa aliyense. Mwezi ukatha, magulu amakhala atapangika kale, ndipo kulowamo kumafuna mphamvu zambiri. Poyamba kucheza usafune mawu apamwamba. Funsa chimene nonse chikukuvutani: "Aise, kalasi ya mawa m'mawa ili chipinda chiti?" kapena "Buku lija analitchula walipeza ku laibulale?" Funso lotere limamupatsa mnzako mwayi wokuthandiza, ndipo munthu amene wakuthandiza kamodzi amakupatsa moni mawa lake.

Funso limodzi ulipewe: "Unakhoza ndi mapointi angati?" Mapointi a Fomu 4 agwira kale ntchito yake, akufikitsani nonse pa benchi imodzi. Wa mapointi 9 ukamufunsa amayamba kudzimva, wa 20 amayamba kudzikayikira, ndipo macheza amafera pomwepo. Za kumudzi kwawo udzazidziwa m'kupita kwa masiku. Ukayamba ndi kufufuza mtundu wake kapena chigawo chake, uzapezeka kuti anzako onse ndi a boma lakwanu, ndiye ku yunivesite unapitiranji?

Tsopano nkhani ya Chingerezi, imene ndikudziwa kuti ndiyo ikukusowetsa tulo. Udzakumana ndi ana ochokera ku Kamuzu Academy ndi ku masukulu ena olipira, olankhula mothamanga ngati pa wailesi. Kuthamanga kwa lilime si kumvetsa phunziro. Ndachonga mapepala ambiri, ndipo cholembera chofiira sichimva kalankhulidwe ka munthu. Kunja kwa kalasi ambiri amangosakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ena Chitumbuka, ena Chiyao, choncho lankhula chimene chabwera pakamwa. M'kalasi ndi mmene uyenera kulimba mtima. Lemba funso lako pa kope m'chiganizo chimodzi, uimike dzanja, uliwerenge. Ukapunthwa pa mawu ena, ena adzaseka, nawe mwetulira ndipo umalize funso lako. Udzaona kuti ena mwa osekawo akulemba yankho limene iwe wafunsira.

Pa gulu lokambirana za maphunziro, anthu anayi kapena asanu akwanira. Upite utawerenga kale, ngakhale masamba atatu okha, kuti ukhale ndi chobweretsa. Munthu amene amangobwera kudzakopera, anzake amayamba kusintha nthawi yokumana osamuuza. Ndipo akati tiyeni tikadye kwinakwake iwe m'thumba muli mbee, nena poyera kuti lero ndilibe. Kukongola ndalama kuti ufanane ndi ena kwalekanitsa mabwenzi ambiri kuposa umphawi.

Za aphunzitsi ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene mwambo wathu wabwino umatha kukusokoneza. Kwathu tinakulera kuti pamaso pa wamkulu ugwade, uyang'ane pansi, usayankhe kawiri. Ku yunivesite ulemu ndi womwewo, koma umaoneka mwa njira ina. Mu ofesi sugwada: umagogoda, umadikira kuti akuuze kulowa, umakhala pa mpando akakulozera, ndipo umawayang'ana polankhula. Dziwa maudindo awo. Amene ali Dokotala uwatchule Dokotala ndi dzina la bambo awo, Pulofesa chimodzimodzi. Mayi amene anavutikira digiri yake yapamwamba usamutchule "Anti" kapena "Asisi". Yamba m'Chingerezi, iwo akatembenukira ku Chichewa, nawe tembenuka.

Tiyerekeze kuti asayimenti yako yoyamba yabwera ndi 42 pa 100, ndipo pa tsamba lachitatu alembapo ndi inki yofiira kuti wangobwereza za m'buku, maganizo ako palibe. Usawathamangire pakhomo la kalasi mtima uli m'mwamba, iwo akuthamangira kalasi ina. Gona kaye tsiku limodzi. Werenganso funso lija ndi ndemanga zawo zonse. Kenako yang'ana nthawi imene amaonana ndi ophunzira. Ambiri amailemba pa chitseko cha ofesi kapena pa pepala la dongosolo la phunziro limene amagawa tsiku loyamba. Ngati sanalembe, funsa woimira kalasi yanu. Ukalowa, kumbukira kuti munthuyo mwina akuphunzitsa anthu mazana awiri kapena kuposa, ndipo nkhope yako saidziwa. Pereka moni mwachidule, osati wa kumudzi wofunsa ana ndi mbuzi zomwe. Tchula dzina lako, chaka chako ndi phunziro lake. Tsegula tsamba lachitatu lija, uloze ndime yake, unene kuti: "Apa mwalemba kuti ndangobwereza za m'buku. Ndikadalemba bwanji kuti maganizo anga aoneke?"

Taona kusiyana kwake ndi kunena kuti "Mwandipatsa malikisi ochepa." Mawu amenewo amamuika mphunzitsi pa mlandu, ndipo ayamba kudziteteza. Funso lija limamubwezera pa ntchito yake yophunzitsa, imene ambiri amaikonda. Lemba zimene akukuuza. Ngati sunamve, usagwedeze mutu monama, bwereza m'mawu ako kuti, "Ndiye mukutanthauza kuti ndikatchula zimene wolemba wanena, ndionjezere chifukwa chimene ndikugwirizana naye kapena kutsutsana naye?" Mphindi khumi zikakwana, thokoza, tuluka. Udzadziwa kuti wapita bwino ngati watuluka ndi chinthu chimodzi choti usinthe pa asayimenti yotsatira. Ngati pali kulakwitsa powonkhetsa malikisi, loza manambalawo modekha, chifukwa chimenecho ndi chooneka ndi maso ndipo sachikana.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ophunzira ambiri ndinkawaona mu ofesi mwanga koyamba atalephera kale mayeso, akulira kuti ndiwachitire chifundo. Akanabwera sabata yachinayi ndikanawathandiza. Koma pa nthawi imene ankabwerayo malikisi anali atapita kale ku komiti.

Polemba imelo kapena uthenga wa pa foni, lemba ngati kalata: moni, dzina lako, phunziro, pempho lako, ndi kuthokoza. Mawu odula amene mumalemberana ndi anzako asalowemo. Usaimbe usiku, ndipo akapanda kuyankha dikira masiku awiri kapena atatu usanakumbutse. Mphatso usapereke pamene akuchongabe mapepala ako, ngakhale mtedza wa agogo ako; mtima wako ungakhale woyera, koma ena adzaona zina.

Ndipo poti ndiwe mtsikana, ndinene mosabisa. Nkhani za sukulu zimakambidwa mu ofesi kapena m'kalasi, masana. Mphunzitsi akakuuza kuti mukakambirane za malikisi ako kunyumba kwake kapena kumalo ogona alendo, kana mwaulemu, usunge mauthenga ake osafufuta, ndipo ukanene kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi yoona za ophunzira. Ngati mtima ukukayikira ngakhale pang'ono, popita ku ofesi ya mphunzitsi tenga mnzako wa m'kalasi, akadikire pakhomo.