Mfundo zisanu za kapemphedwe pa ntchito

Pa msika wa Tsangano, wokweza matumba a kachewere m'lole amangofuula kuti, "Nyamula ilo, ponya kuno!" ndipo palibe amene amakwinya nkhope. Mawu a mtundu womwewo atamveka mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pa boma la Ntcheu akhoza kudanitsa anthu teremu yonse. Akatswiri a chiyankhulo akhala akujambula mawu a anthu ali pa ntchito kuti amvetse kusiyana kumeneku, ndipo zomwe anapeza zili ndi phunziro kwa ife.

1. Pempho lililonse limakhudza ulemu wa anthu awiri.

Mu 1987 Penelope Brown ndi Stephen Levinson anatulutsa buku lomwe linafananiza ulemu wa m'mayankhulidwe m'Chingerezi, m'Chitamil cha ku India ndi m'Chitzeltal cha ku Mexico. Iwo anatengera ganizo la Erving Goffman lakuti munthu aliyense ali ndi "nkhope" yomwe amaiteteza pamaso pa anzake. Nkhopeyo ili ndi mbali ziwiri: munthu amafuna kuyesedwa wofunika, komanso safuna kukakamizidwa. Ukapempha chinthu umamupanikiza mnzako, ndipo iwenso umadziika poti akhoza kukukanira anthu akuona. Awiriwa anati kulemera kwa pempho kumadalira zinthu zitatu: mphamvu za amene ukumupemphayo, kuzolowerana kwanu, ndi kukula kwa chimene ukufunacho. N'chifukwa chake kubwereka cholembera kwa mnzako wa tebulo loyandikana kumangofuna mawu awiri, pamene kupempha bwana tchuthi cha masiku atatu kumayamba ndi "Odi", moni, kufunsa za kunyumba, kenako "Pepani bwana, ndili ndi kavuto."

2. Mawu achindunji si mwano nthawi zonse.

Kuyambira mu 1996, gulu la Janet Holmes la pa yunivesite ya Victoria ku Wellington, m'dziko la New Zealand, linapatsa ogwira ntchito timakina tojambulira mawu kuti azidzijambula okha ali pa ntchito, ali ndi ufulu wozimitsa kapena kufufuta zomwe sakufuna kuti zimveke. Anayambira m'maofesi a boma, kenako anafika m'makampani ndi m'fakitale yopanga sopo. M'fakitalemo, mayi wotsogolera gulu lolongedza ankalamula mwachindunji, nthawi zina mosabisa mawu okhadzula, koma anthu ake ankamulemekeza ndipo gululo linkagwira ntchito bwino. Makina ankasokosa, nthawi inali yochepa, aliyense ankadziwa udindo wake, ndipo nthabwala zinkasonyeza kuti onse ndi amodzi. M'maofesi, lamulo lofanana nalo linkaperekedwa ngati funso kapena ngati ganizo chabe, makamaka pakati pa anthu ofanana udindo kapena osazolowerana. Choncho tisafulumire kunena kuti wakuti alibe khalidwe tisanaone malo amene akuyankhulirapo. Komanso mlendo asatengere mayankhulidwe a anthu ozolowerana tsiku lomwe wafika, chifukwa ufulu umenewo amaupeza ndi nthawi.

3. Ulemu wambiri ukhoza kubisa pempho mpaka osamveka.

Mfundo iyi ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa Chichewa chathu chili ndi makwerero ambiri ofewetsera mawu. Tiyerekeze kuti namwino pa chipatala china chakumudzi akufuna dokotala adzaone mayi yemwe akutaya magazi atachira. Kwa mnzake wa msinkhu wake anganene kuti, "Bwera udzaone mayi uyu." Kwa wamkulu anena kuti, "Bwerani mudzawaone." Akafuna kufewetsa awonjezera kuti, "Tabwerani mudzawaoneko." Akapitirira afika pa funso: "Mungadzawaoneko mukapeza mpata?" Pamwamba penipeni pali mawu amene tonse tinawamvapo pakhomo la ofesi: "Pepani adokotala, ndimati mwina mukamaliza, kuli mayi wina uko sakuoneka bwino kwenikweni."

Taonani zomwe zatayika m'njira. "Ndimati" wakankhira pempholo m'mbuyo ngati kuti mwini wake walisiya kale. "Mwina" watsegula khomo lokanira. "Mukamaliza" wachotsa changu, ndipo magazi aja sanatchulidwe n'komwe. Dokotala yemwe ali ndi mzere wa odwala panja adzayankha kuti "Chabwino, ndikubwera," n'kupitiriza zomwe amachita, ndipo sanalakwe kumva choncho.

Zoterezi zinajambulidwapo pa malo ena oopsa. Mu 1988 Charlotte Linde anafalitsa kafukufuku wa mawu ojambulidwa m'chipinda cha oyendetsa ndege zomwe zinachita ngozi. Anapeza kuti aang'ono ankafewetsa mawu kwambiri poyankhula ndi akuluakulu awo, ndipo mawu ofewetsedwawo ndiwo ankanyalanyazidwa kawirikawiri. Pa 13 Januwale 1982, ndege ya Air Florida ikunyamuka ku Washington kukugwa chipale chofewa, wothandizira woyendetsa anaona kuti zoyezera mphamvu ya injini sizikusonyeza zoona. Ananena kangapo kuti china chake sichili bwino, koma mkulu wake atatsutsa, iye anabwerera m'mbuyo n'kuvomera kuti mwina zili bwino. Ndegeyo inagunda mlatho n'kugwera mumtsinje wa Potomac, ndipo anthu 78 anafa.

Namwino uja sayenera kutaya ulemu kuti amveke. Ulemu aupereke m'katchulidwe ka munthu, koma nkhani ainene yosakulunga: "Adokotala, pepani, mayi wa pabedi lachitatu akutaya magazi kwambiri. Bwerani pompano." Muli udindo wa munthuyo, muli "pepani", muli "-ni" waulemu, komanso muli vuto, malo ndi nthawi. Chizindikiro chakuti pempho lako lasochera n'chapafupi: wopemphedwayo wavomera koma sanafunse funso lililonse ndipo sanasunthe. Zikatero bwereza, ndipo ulendo wachiwiriwo uchotse "mwina".

4. Wamkulu ali ndi udindo womva zomwe wamng'ono sangathe kunena poyera.

Kuno kwa Angoni mwana amakula akudziwa kugwada kapena kunjuta popereka uthenga kwa akulu, ndipo khalidwe limenelo salisiya pageti akalembedwa ntchito. Mlonda akati, "Bwana, kunyumba mwana sanagone bwino," sikuti akungocheza; akupempha chilolezo kapena kangachepe koyendera. Bwana wanzeru amafunsa kuti, "Ndiye mukufuna tithandizane bwanji?" Funso limenelo limamuchotsera munthuyo mantha oti akanizidwa, ndipo nkhani imatha m'mphindi imodzi.

5. Popempha, siyani mpata woti mnzanu akane popanda kuyaluka.

Si onse anagwirizana ndi Brown ndi Levinson. Mu 1992 Onuigbo Nwoye analemba kuti pakati pa Aigbo a ku Nigeria kupempha sikuonedwa ngati kuvutitsa munthu, chifukwa kuthandizana ndi udindo wa aliyense, ndipo nkhope yomwe imatetezedwa kwambiri ndi ya gulu. Ifenso timati "Ndibwereke nawo khasu," ngati kuti khasulo n'la tonse. Ubwino wake ndi wakuti wosowa sachita manyazi kupempha. Vuto lake limagwera wopemphedwa, chifukwa kukana kumaoneka ngati kudzipatula. Kalaliki yemwe wapemphedwa ndi malume ake, anthu ali pamzere, kuti awadumphitse, amapanikizika pakati pa lamulo la ntchito ndi dzina lake kumudzi, ndipo nthawi zambiri amathawira ku "Mubwere mawa" yemwe tanthauzo lake ndi "ayi". Malumewo adzawononga ndalama ya kabaza kubwera mawalo pachabe.

Ngati chimene mukufuna n'cholemera, muitanireni munthuyo pambali, nenani chinthucho ndi tsiku lomwe mukuchifuna, ndipo muwonjezere kuti, "Ngati sizitheka mundiuze, ndiona kwina." Nanunso opemphedwa, ngati yankho ndi ayi, pepesani, perekani chifukwa chake, ndipo munene tsiku lomwelo.