Banja likatha, pafoni tilembepo chiyani?

Tsiku limene bwalo la milandu lathetsa banja, anthu ambiri amatuluka m'khoti foni ili kale m'manja. Mtima uli phuphuphu, ndipo chala chikuyabwa kuti chilembe kanthu pa WhatsApp kapena pa Facebook, dziko lidziwe. Apa ndi pamene munthu amafunika malangizo kuposa tsiku laukwati, koma alangizi aja amene anadzaza nyumba pa chinkhoswe sakhalapo.

Makolo analibe mafoni, koma anali ndi njira yolengezera kutha kwa banja. Ukwati wa Achewa umamangidwa ndi ankhoswa, wakuchimuna ndi wakuchikazi, kawirikawiri atsibweni kapena alongo a eni ukwatiwo. Zinthu zikavuta, nkhani imayamba yapita kwa iwo. Amakhala pansi kangapo, ndipo zikakanika ndiye amapita nayo kwa amfumu kapena kukhoti. Pa bwalo ndi pamene zonse zimanenedwa: wolakwa, wolakwiridwa, za ana, za katundu, za nyumba imene mwamuna wa chikamwini amayenera kumangira mkazi kwawo. Koma nkhoswa ikabwerera kumudzi kukauza abale, sinkabwereza mlandu wonse. Inkangoti, "Ana aja alekana, ana awo akhala kuchikazi." Mawu olemba pansi pa chithunzi banja litatha ayenera kugwira ntchito ya nkhoswa yobwerera kumudziyo. Ndi uthenga wodziwitsa anthu, mlandu unatha kale.

Choncho foni ibwere pomalizira. Ana amve kuchokera kwa makolo awo, asamve kwa anzawo kusukulu amene aona pa foni ya amayi awo. Makolo a mbali zonse amve kwa ankhoswa. Ngati munali a mpingo, akulu a mpingo adziwitsidwe. Dikiraninso kuti zonse zithe, chifukwa nthawi zina khoti limathetsa banja lero koma za kugawana katundu ndi chithandizo cha ana limaziikira tsiku lina, ndipo zimene mwalemba mutapsa mtima mnzanuyo akhoza kudzazionetsa kumeneko.

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale ku Dedza, wa ana awiri. Majisitireti wathetsa banja lake, zonse zagamulidwa. Madzulo akhala pakhonde ndi azakhali ake, ndipo awaonetsa zimene walemba: "Ndatula mtolo. Amene anandizunza, Mulungu adzawaweruza." Sanatchule dzina, koma palibe amene angafunse kuti akunena ndani. Azakhaliwo akuti, "Mwanawe, amene ukuwanenawo ndi bambo a ana ako. Mawa ana akadwala udzaimbira ndani?" Mawu ophiphiritsa otere amalasa kuposa kutchula dzina, chifukwa aliyense amadzaziramo zake, ndipo achibale akuchimuna akawerenga amayankha ndi mawu awonso okuluwika. Nkhondo imene inatha m'khoti imayambiranso pamaso pa anthu mazana.

Wina anganene kuti kuphiphiritsa n'chikhalidwe chathu. N'zoona. Amayi akamasinja, ankaimba nyimbo za pamtondo zodandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi n'kumamva. Koma nyimbo ya pamtondo inkatha chimanga chikakonoka, ndipo oimva anali anthu odziwa nkhani yonse, otha kupita kukalangiza. Sitetasi ya pa WhatsApp imazimiririka pakatha maola 24, koma munthu mmodzi akaijambula n'kutumiza ku gulu la mpingo kapena la kuntchito, simungaibwezenso. Mwana amene ali sitandade 3 lero adzaipeza akadzakula. Palinso lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa intaneti ndi pafoni, limene limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera m'njira zimenezi, ndiponso woipitsiridwa mbiri angathe kukasuma.

Mayi uja afufuta, alembanso: "Ndatsala ndekha ndi ana, sindikudziwa kolowera. Mundipempherere." Awa ndi mawu ovuta kuwadzudzula, chifukwa ululu wake ndi weniweni, ndipo ine sindingauze munthu wosweka mtima kuti asalire. Koma taonani zimene mawuwa amachita. Amaitana aliyense kuti afunse "chachitika n'chiyani?", ndipo pofika usiku mayiyu akhala atafotokoza nkhani ya m'nyumba mwake kwa anthu makumi angapo, ena ofunsa mwachikondi, ambiri ofuna pokayambira miseche. Amanenezanso mwamuna uja mwakachetechete kuti wataya ana, ngakhale khoti lagamula ndalama zoti azipereka mwezi ndi mwezi. Choopsa kwambiri n'chakuti ana akawerenga amadziona ngati iwo ndiwo katundu wolemetsa amayi awo. Kulira kuli ndi malo ake: kwa mchemwali, kwa azakhali, kwa amayi a chigwirizano kapena a mvano amene angabwere kudzakhala nanu pamphasa. Anthu a pa Facebook adzalemba "pepani" n'kupitirira.

Kachitatu, mothandizana ndi azakhali, alemba chonchi: "Abale ndi anzanga, ndikudziwitseni kuti ine ndi bambo a ana anga tinalekana, ndipo zonse zinatha mwadongosolo. Tipitiriza kulera ana athu. Zikomo chifukwa cholemekeza banja lathu pa nthawi ino."

Mawuwa ndi ochepa, koma aliwonse ali ndi ntchito. "Tinalekana" sakuloza chala, pamene "anandisiya" kapena "ndamuthamangitsa" akunena kale wolakwa. "Bambo a ana anga" akusunga ulemu umene sutha ndi chikalata cha khoti, pakuti ubale wa kholo ndi mwana khoti silithetsa. Chifukwa chake chothetsera banja sichinatchulidwe, ndalama sizinatchulidwe, maina a ana mulibe. Ndipo chiganizo chomaliza chikutseka chitseko mwaulemu, kotero wofunsa zambiri angoyankhidwa kuti, "Zinakambidwa ndi akuluakulu, zikomo pondikumbukira." Njira yoyesera ndi yosavuta: werengani mokweza ngati kuti apongozi anu akale ndi mwana wanu wamkulu akhala pomwepo. Liwu limene lingakuchititseni kutsitsa mawu, lichotseni.

Chithunzi nachonso chimalankhula. Mawu aulemu pansi pa chithunzi cha chikalata cha khoti, kapena cha ukwati chimene mwadulapo mnzanuyo, ataya kale ulemu wake. Chimodzimodzi vesi la m'Baibulo lonena za adani, kapena nyimbo yonyoza yoikidwa kumbuyo. Abambo ali ndi kachitidwe kawo: tsiku lomwelo aika chithunzi ali ndi mkazi wina, kapena botolo m'manja, ati ufulu wabwera. Kumeneko n'kunyoza mayi wa ana ako pamaso pa abale ake, ndipo nkhoswa yako yomwe imachita manyazi. Chithunzi chanu nokha, chooneka bwino, n'chokwanira, kapena osaika chilichonse. Kusalemba konse nakonso n'kololedwa. Amene akufunika kudziwa anauzidwa kale pakamwa.

Pali malire amodzi amene ndiyenera kuwanena momveka. Malangizo akuti "za m'nyumba saulula" ndi "banja n'kupirira" atsekapo pakamwa amayi ambiri omenyedwa. Kulemba mwaulemu pafoni sikutanthauza kubisa nkhanza. Ngati munkamenyedwa, kapena mukuopsezedwabe banja litatha, lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khoti kupereka chiletso chokutetezani, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ngati bambo wasiya kupereka chithandizo cha ana chimene khoti linagamula, bwererani kukhoti komweko ndi chikalata cha chigamulo. Mauthenga oopseza amene akukutumizirani musawafufute ndipo musawaike pa sitetasi. Asungeni, mukawaonetse apolisi kapena majisitireti.