Mawu asanu ndi awiri a pa bolodi la kantemba ku Chawama

Wogula wa pa kantemba ku Chawama sagula zambiri nthawi imodzi. Amatenga pamela wa ufa, saladi wa m'kapulasitiki, shuga wa tiyi wa lero, mawa abweranso. Chotero chinyengo cha pakantemba chimakhala chaching'ono kwambiri moti sichioneka, koma chimagwera munthu yemweyo tsiku ndi tsiku. Mawu ali m'munsiwa ndi oti mulembe ndi choko pabolodi, amodzi patsiku. Zotsatira pansi pake ndi zanu eni shopu ndi amene mwamuika pakauntala.

1. Lolemba: "Tikakweza, tikweza mtengo. Muyeso sitiukhudza."

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tiwerengere limodzi. Tinene kuti thumba la ufa la makilogalamu 25 mwaligula K250. Mtengo weniweni umasinthasintha, ine ndasankha umenewu kuti masamu aphweke. Mukamanga mapamela a theka la kilo, pepala likuti mupeza 50, koma wina umatayika pomanga, wina umatsalira m'makona a thumba, ndiye yembekezani 49. Mukagulitsa K6 mmodzi mupeza K294. Pa K44 yotsalayo muchotsepo mapulasitiki ndi ya wilibala kapena minibasi yochokera ku Soweto. Phindu n'lochepa, ndipo m'pamene mtima umayamba kunong'ona kuti chotsako pang'ono pa pamela aliyense, ndani aone?

Mukachotsa magalamu 50, thumba lomwelo litulutsa mapamela 54, ndipo mupeza K30 yoonjezera. Tsopano yang'anani mayi amene amagula awiri tsiku lililonse. Pakutha pa mwezi mwamulanda makilogalamu atatu, ndiwo mapamela asanu ndi mmodzi, nsima ya masiku atatu. Iye alibe sikelo, koma ali ndi poto amene amaphikira chaka chonse, ndipo nsima ikayamba kuperewera mbale ya mwana womaliza amadziwa kumene ufawo wachokera. Sadzakangana nanu. Mudzangomuona akudutsa ndi chitenje chake kupita ku kantemba ka patsogolo.

Ngati K6 sikukwanira, lembani K6.50 poyera, anthu adandaule akudziwa chimene akulipira. Ndipo ngati mumagwiritsa ntchito sikelo, izikhala yoyesedwa ndi a Zambia Metrology Agency, bungwe la boma loona za miyeso. Sikelo ya sipuling'i imatopa. Ikakhala yopanda kanthu muvi uziloza pa ziro, wogula akuona.

2. Lachiwiri: "Mtengo wa mwana wotumidwa ndi womwewo wa amayi ake."

Ambiri mwa ogula pa kantemba ndi ana atafumbata ndalama m'manja. Amene amawonjezera 50 ngwee poona kuti wabwera ndi mwana, kapena mlendo wa chilankhulo china, amaiwala kuti chenje chikawerengedwa kunyumba. Choyamba mwana alandira khofi pa mlandu umene si wake, kenako amayi atulukira kumene ndalama yatsalira. Mankhwala ake ndi kulemba mtengo pa katundu aliyense. Lamulo la 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limafunanso zomwezo: mtengo uonekere, ndipo wogula asalipitsidwe kuposa umene walembedwa.

3. Lachitatu: "Chenje ndi ndalama, si switi."

Chiyambire 2013 pamene kwacha idachotsedwa maziro atatu, timakobidi tidabwerera m'manja mwathu, koma kusowa kwa chenje sikudathe. Kufunsa kuti, "Amayi, mutengako switi kapena ndikulembereni?" n'kwabwino. Kuponya switi pakauntala osafunsa ndi kugulitsa mokakamiza. Kusaka makobidi ndi ntchito ya wogulitsa, m'mawa asanatsegule.

4. Lachinayi: "Ngongole timalemba tonse awiri tikuona."

Sindikhulupirira aja amalemba pakhoma kuti ngongole mawa. Ku komboni kumene ambiri amadya za maganyu ndipo ena amadikira malipiro a pakutha pa mwezi, kantemba kosakongoza n'komwe sikakhalitsa. Chimene chimaononga ndi ngongole ya pakamwa. Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake m'buku: tsiku, katundu, mtengo, ndi dzina la amene wabwera kudzatenga, chifukwa mkangano wambiri umabuka pa zimene adatenga mwana makolo osadziwa. Mtengo ndi wa tsiku lotenga. Saladi akakwera pakati pa mwezi, musabwerere m'buku kukasintha manambala, ndipo musaikepo chiwongoladzanja. Mwatsegula shopu, osati kaloba.

Ikani malire, ndipo muwanene pa tsiku loyamba. Njira yodziwira kuti mwapyola ndi iyi: likafika tsiku lokaoda ku Kamwala kapena ku Soweto, ndalama ya m'kabati n'kulephera kubweza katundu amene wachoka pashelefu, ndiye kuti mpamba wanu uli m'nyumba za anthu. Pamenepo imani kaye, ngakhale wopemphayo akhale mlamu wanu.

Chinthu chimodzi chokha ndikukanizani: maina a angongole asakwere pabolodi limeneli. Munthu amene mwamuchititsa manyazi pamaso pa komboni yonse alibenso chomukakamiza kubweza, ulemu umene amauteteza mwautaya kale inu. Muitanireni pambali: "Bambo, tsamba lanu ladzaza, tichita bwanji?"

5. Lachisanu: "Chimene sitingadyetse ana athu sitigulitsa."

M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo mafiriji a m'tuntemba adasanduka makabati. Soseji kapena nkhuku imene yasungunuka n'kuumanso imadziwika: m'paketi mumakhala madzi ofiirira oundana pansi, ndipo zidutswa zimamatana kukhala chibuma chimodzi. Paketi ya mkaka kapena maheu ikafufuma, chitini chikatupa, musatsitse mtengo, tayani. Kutaya kumawawa, n'chifukwa chake katundu watsopano aziikidwa kumbuyo, wakale kutsogolo, ndipo magetsi akamavuta muziwoda zozizira zochepa zoti zithe tsiku lomwelo.

6. Loweruka: "Chikakhala choonongeka, bwezani tisinthe."

Chikwangwani chija chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, lamulo lomwe lija la 2010 limachiletsa, ngakhale chikadapachikidwa m'mashopu ambiri. Babu losayaka, buledi wa nkhungu, dzira lovunda, zonsezi n'zosintha popanda kukweza mawu. Babu muziliyesa wogula asanachoke. Kusintha maganizo kokha ndi nkhani ina: amene watsegula paketi n'kuona kuti sakuifunanso mungathe kumukanira, mwaulemu.

7. Lamulungu: "Mwini shopu nayenso amalemba zimene watenga."

Mawu awa ogula adzawaseka, koma ndi a m'nyumba mwanu. Shuga wa tiyi wa m'mawa, sopo wochapira, K20 ya chopereka cha kutchalitchi yotengedwa m'kabati mothamanga, zonsezi zimachoka osalembedwa. Powerenga katundu ndalama ikaperewera, diso limagwera mtsikana wa pakauntala, amene kawirikawiri ndi mwana wa m'bale wochokera kumudzi wopanda pokadandaula. Mumudula malipiro pa shuga amene mwamwa nokha.

Tsegulani tsamba lanu m'buku lomwe lija la ngongole, dzina lanu pamwamba. Lamulungu madzulo werengani katundu muli awiri, ndipo musanafunse mtsikanayo kanthu kalikonse, yambani mwaphatikiza tsamba lanulo.