Mdulo m'malangizo a chinamwali cha Achewa a ku Diamphwe

M'midzi ya Achewa ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, kufupi ndi mtsinje wa Diamphwe, mtsikana akatha msinkhu amapatsidwa phungu, yemwe ndi mayi womuyang'anira, kenako amalowa m'tsimba, nyumba yobindikiramo, momwe namkungwi, mkulu wa mwambo, amamulangiza kudzera m'nyimbo, m'magule ndi m'miyambi. Anyamata amalandira malangizo awo kudambwe la Gule Wamkulu. Malangizo ambiri okhudza kugonana m'mbali zonse ziwirizi atsamira pa chiphunzitso cha mdulo, womwe ena amautcha tsempho.

Chiphunzitsochi chimati munthu amene wagonana ndi wotentha, pamene khanda, namwali wa m'tsimba kapena wodwala ndi wozizira, ndipo wotentha akakhudza wozizira, kapena akamuthirira mchere m'ndiwo, amamudula. N'chifukwa chake makolo a namwali amadika, ndiye kuti amaleka kukhalira malo amodzi, kufikira mwambo utatha, monganso amachitira makolo a khanda kufikira tsiku lotenga mwana.

Mphamvu ya lamuloli ndi yakuti limamanganso mwamuna, pakuti bambo wochita chigololo mkazi wake ali woyembekezera amaimbidwa mlandu woika moyo wa mayi ndi mwana pachiswe. Kudikako kumapatsanso mayi mpata wochira atabereka. Zimenezi n'zoyenera kuzisunga, makamaka chifukwa malangizo ena a m'tsimba amasenzetsa mkazi yekha udindo wokondweretsa mwamuna ndi kupirira.

Vuto limabuka pamene mdulo usanduka dzina la matenda. Mwana wa zaka ziwiri akaletsedwa kuyamwa chifukwa mayi ake aimanso, n'kumangodya phala la chimanga lopanda nsinjiro, amayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, ndipo akuluakulu amafunsa amene wamutsempha, banja n'kutha masiku likufuna mankhwala a zitsamba ndi wolakwa. Komatu zizindikirozi ndi za kunyentchera koopsa. Munthu akasindikiza zala pamapazi onse awiri a mwanayo kwa masekondi 3 n'kutsala timaenje, ayenera kupita naye tsiku lomwelo kuchipatala cha Mitundu, Nathenje kapena Nkhoma. Chifuwa chosatha ndi kuwonda, zimene zimatchedwanso mdulo mwa akuluakulu, zimafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu ndi HIV.

Choipa koposa ndi fisi, mwamuna wobwera usiku kudzagona ndi namwali potsiriza mwambo, zimene zinkalungamitsidwa ndi mantha akuti mtsikanayo kapena makolo ake angadwale mdulo. Apa chiphunzitso choteteza ofooka chimagwiritsidwa ntchito povulaza mwana amene sanafunsidwe n'komwe. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linaletsa miyambo yovulaza, ndipo kuyambira mu 2017 Malamulo Oyendetsera Dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Namkungwi amene akuphunzitsabe kuti namwali ayenera kugonedwa akupereka mwana kwa munthu womugwirira, ndipo nyakwawa, mwini mzinda, yomwe imaloleza chinamwali, ili ndi mphamvu komanso udindo womuletsa.