Ndalama ya Malilo: Kuiika Yonse Kapena Pang'onopang'ono?

Pali ndalama imene imabwela kamodzi cabe pa moyo wa munthu. Ena amaiona pamene bwana wapeleka bonasi kumapeto kwa caka. Ena ambili anaiona mu 2023, pamene lamulo linalola anchito kutengako 20 pelesenti ya zopeleka zao ku NAPSA asanafike popuma nchito. Ena imawapeza ali m'misozi, makolo atamwalila. Ndalama yotele imabwela ndi funso limene malipilo a pamwezi safunsa. Ngati mwasankha kuti ikugwilileni nchito, kodi muiike yonse lelo, kapena muigawe m'zigawo n'kumaika pang'onopang'ono?

Tiyelekeze mtsikana wa ku Matero wa zaka 26. Atate ake amwalila osasiya wilo. Lamulo la 1989 la cuma ca masiye limati theka lipite kwa ana, 20 pelesenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 pelesenti kwa makolo a womwalila, ndi 10 pelesenti kwa ena amene anali kudalila malemuyo. Atagawa, iye walandila K60,000. Ali pa nchito, alibe nkhongole, ndipo wasankha kugula masheya a makampani a pa LuSE, msika wa masheya wa mu Lusaka, kuti awasunge zaka zambili. Lelo sheya imodzi ili pa K10.

Akaika yonse lelo, agula masheya 6,000. Njila ina ndi kugawa patatu: K20,000 lelo, K20,000 pakapita miyezi itatu, K20,000 pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Tiike pambali kandalama ka bulokala kuti masamu aoneke bwino.

Tinene kuti mtengo wakwela, kucoka pa K10 kufika pa K11, kenako K12. Wogawa patatu adzagula masheya 2,000, kenako 1,818, kenako 1,666, cifukwa K20,000 yomweyo ikugula ocepa mtengo ukamakwela. Onse pamodzi ndi 5,484, ndipo pa K12 akwana pafupifupi K65,800. Akanaika yonse pa tsiku loyamba, masheya 6,000 aja akanakwana K72,000. Kudikila kwamudyela ndalama yopitilila K6,000.

Manje tinene kuti mtengo watsika, kucoka pa K10 kufika pa K9, kenako K8. Wogawa adzagula 2,000, kenako 2,222, kenako 2,500. Onse ndi 6,722, ndipo pa K8 akwana pafupifupi K53,800. Woika yonse watsala ndi K48,000. Onani bwino apa: onse awili aluza. Kugawa sikunamuteteze ku kugwa kwa msika, kwangocepetsa bala.

Conco njila iliyonse ili ndi tsiku lake lopambana, ndipo palibe amene adziwa tsikulo lisanafike. Cimene tingafunse ndi cakuti, ndi njila iti imapambana kawilikawili? Mu 2012 kampani ya Vanguard inapenda mbili ya misika ya ku America, Britain ndi Australia, n'kupeza kuti kuika yonse nthawi imodzi kunapambana pafupifupi kawili pa katatu kalikonse. Cifukwa cake n'cosavuta. Munthu amagula masheya poyembekezela kuti pa zaka zambili adzakwela. Ngati ndiye ciyembekezo cake, mwezi uliwonse umene ndalama ili panja ndi mwezi umene siikugwila nchito. Misika imeneyo ndi yaikulu kuposa wathu, ndipo pa LuSE masiku ena mungafune kugula kapena kugulitsa osapeza munthu ku mbali inayo. Koma mfundo ya ndalama yokhala cabe imagwila nchito kuno kwambili kuposa kumeneko, cifukwa mitengo ya zinthu kuno imathamanga. Pakati pa 2021 kukwela mitengo kwa zinthu pa caka kunapitilila 24 pelesenti. Pa liwilo lotelo, K40,000 yogona mu akaunti caka conse imagula zimene K32,000 inali kugula.

Wina anganene kuti, nanga makolo sanati pang'onopang'ono ndi mtolo? Anatelo, ndipo sananame. Koma mwambi umenewo ukamba za munthu amene alibe mtolo, amene akutola nkhuni imodziimodzi. Amene amapatulako K500 pa malipilo mwezi uliwonse, kapena amene ali mu cilimba, akuika ndalama pa tsiku limene waipeza. Sakucedwetsa kanthu. Mtsikana wa ku Matero uja mtolo ali nao kale pamutu, ndipo funso lake ndi lakuti autule wonse kapena ayime nao padzuwa n'kumatsitsa nkhuni imodziimodzi.

Masamu akanakhala okha, nkhani ikanathela apa. Koma ndalama ya malilo si pepala cabe. Ndi thukuta la atate amene anagwila nchito zaka 30. Akaiika yonse Lolemba, n'kuona K60,000 yasanduka K48,000, sadzamva ngati wataya K12,000 cabe. Adzamva ngati wacita cipongwe kwa malemu. Munthu amapwetekedwa kwambili ndi cimene wataya ndi dzanja lake kuposa cimene camupita cifukwa sanacite kanthu, ngakhale ndalama zake zikhale zofanana. Ndipo ululu umenewo uli ndi mtengo weniweni. Amene sangaupilile amagulitsa zonse pa K8, n'kulumbila kuti sadzabwelelanso. Pamenepo kutaya kumene kunali pa pepala kwasanduka kwenikweni.

Ndiye cifukwa cake sindiona kuti wogawa ndi wamantha. K6,000 imene angaphonye ili monga ndalama ya inshuwalansi: akugula tulo, ndipo akudziteteza kwa iye mwini pa tsiku loipa. Munthu wodziwa mtima wake n'kulipila mtengo wake maso ali gwa wacita canzelu. Colakwika ndi kudzinamiza kuti kugawa ndi njila yopezela phindu lalikulu. Colakwika cina, cacikulu kopambana, ndi kugawa kopanda masiku. Amene amati "ndidzaika cigawo cina mtengo ukatsika" wasiya kugawa, wayamba kulosela. Mtengo ukakwela amati wadula, ukatsika amati udzatsikabe, ndipo caka cimatha ndalama ili m'foni. Cizindikilo cake n'cosavuta kuona: ngati simungachule tsiku limene cigawo comaliza cidzalowa, mulibe pulani.

Mu komboni muli cinthu cina cimene akatswili a kunja sanapende. Ndalama yodikila imamveka fungo. K40,000 imene ikudikila miyezi isanu ndi umodzi idzakumana ndi amalume amene galimoto yao yafa, msuweni amene apilikitsidwa ku koleji, mnzanu amene ali ndi bizinesi ya salaula "yobweza m'milungu iwili", komanso inu mwini Lacisanu madzulo. Zopempha zambili ndi zoona, ndipo kukana munthu amene anagona pa malilo a atate anu n'kovuta. Ambili amene anasankha kugawa patatu amaika cigawo coyamba cokha, zina ziwili n'kusungunuka popanda wakuba aliyense.

Kodi ndiye kuti tiike yonse msanga kuti tikhale ndi ponamizila, kuti "ndalama inatsekeledwa"? Apa m'pofunika cilungamo. Kubisala kumbuyo kwa masheya pamene amayi akudwala si nzelu, ndi kuuma mtima. Komanso kulola cuma ca masiye kutha ngati madzi a m'dengu, cifukwa coopa kunenedwa, si cikondi. Njila yoongoka ndi kuyamba ndi kugawa kwa mtundu wina. Musanaganize za msika, patulani za acibale, muwauze poyela kuti ndi izi ndipo zathela apa. Patulani za mwadzidzidzi, zokwanila lendi ndi cakudya ca miyezi ingapo. Ngati muli ndi kaloba, bwezani lelo lomwe, pakuti palibe sheya imene ingathamange kuposa ciwongoladzanja ca kaloba. Yotsalayo ndiyo yokha imene funso lathu likukhudza, ndipo iyenela kukhala ndalama imene simudzaifuna kwa zaka zisanu kapena kuposa.

Funsoli limasinthanso malinga ndi cimene mukugula. Mabondi a boma, amene Bank of Zambia imagulitsa kuyambila pa K1,000, amakuuzani ciwongoladzanja cake pa tsiku logula. Ngati mudzawasunga mpaka nthawi yake itakwana, cifukwa cogawila n'cocepa, pakuti kudikila ndi kutaya ciwongoladzanja ca miyezi imeneyo. Ndipo amene wasankha kugawa pogula masheya angasungize zigawo zodikila m'mapepala a boma a masiku 91, kuti zibaleko kanthu ndiponso zitalikile manja. Madola ndi nkhani ina. Mu Julayi 2021 dola inali kupitilila K22, koma pofika kuciyambi kwa Sepitembala inali pafupi ndi K16. Amene anasintha colowa cake conse mu Julayi anataya gawo limodzi mwa magawo anai m'milungu yocepa. Dola siibala kanthu ili m'thumba, conco zimene anapeza a Vanguard sizikhudza amene akugula madola. Ndipo ngati amene akulandila ndalama yanu alibe laisensi ya Securities and Exchange Commission, kugawa sikungakupulumutseni. Wakuba amakondwela ndi wogawa: amabweza phindu pa cigawo coyamba kuti mubweletse zotsalazo.

Cotsala ndi mmene tiyenela kuweluzila munthu pambuyo pake. Mtengo ukagwa, a pa nyumba adzati mtsikana uja anapupuluma. Ukakwela iye atagawa, adzati anagona. Mau onsewa amaweluza ndi zimene zinadziwika pambuyo, zimene iye sakanadziwa pa tsiku losankha. Mlimi amene wabyala pa mvula yoyamba yokwanila sanalakwe cifukwa cakuti Januwale anauma. Cosankha cabwino cingabale zoipa, ndipo cosankha copusa cingagwele mwayi. Cimene malemu angafunse kwa mwana wao si kulosela msika, koma kusamala: kuti anadziwa cimene akugula, anadziwa zimene angataye, ndipo anasunga mau ake.

Kwa wofeledwa, kukhala mwezi umodzi kapena iwili osakhudza ndalama mpaka mutu utakhazikika ndi cinthu coyenela. Pambuyo pake, dzifunseni funso limodzi moona mtima: K60,000 ikakhala K48,000 mwezi wamawa, kodi ndidzagulitsa? Ngati yankho ndi iyai, ikani yonse, podziwa kuti walila mvula walila matope. Ngati yankho ndi inde, kapena simudziwa, gawani katatu kapena kanai, musapitilile caka cimodzi, lembani masiku ake pa pepala, mupatse munthu mmodzi amene mumamuopa kuti azikufunsani. Tsiku likafika ikani cigawoco, kaya mtengo uli pa K8 kapena pa K12.