Ndalama ndi yochepa, zofuna zili zinayi: uyambe chiti?

Ana anga a kuno kwa Chowe, inu amene mwabwera kuchokera ku Joni ndi kachikwama, ndi inu amene mwagulitsa nandolo kapena mwagawana za ku banki mkhonde, khalani pansi ndikuuzeni. Tsiku limene ndalama yalowa m'thumba, mtima umatulutsa zofuna zonse nthawi imodzi: foni yapamwamba, kosi, ukwati, puloti. Palibe choipa pa zinayizi. Chimene chimagwetsa anthu ndi kusadziwa choyamba ndi chotsiriza. Makolo anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine ndinagwapo. Ndili mnyamata ndinapata bwino pa geni ya nsomba za ku Malombe, ndipo ndalama yonse ndinaithira pa phwando la ukwati. Anthu anadya mpunga, anavina mpaka fumbi. Patatha sabata ziwiri, mayi a kunyumba anandipempha ya sopo, ine n'kumangopisa m'matumba mopanda kanthu. Mpamba unali utathera m'miphika. Ndinatenga katapila, ndipo chaka chonse ndinagwirira mwini ngongoleyo. Kuyambira pamenepo, ndisanatulutse ndalama yaikulu ndimafunsa mafunso atatu.

Funso loyamba: chinthuchi chidzabereka ndalama, kapena chidzadya ndalama? Walira mvula walira matope. Foni yapamwamba sithera pa mtengo wogulira. Imafuna bandulo, kutchajitsa kwa amene alibe sola, ndi galasi lina ikagwa. Luso la m'manja, mukaliphunzira bwino, limabweza zimene munalipira. Funso lachiwiri: ndikadikira chaka, nditaya chiyani? Foni idzakhalapobe m'sitolo ku Mangochi boma, mwinanso yoposa ya lero. Koma nthawi yophunzira imachepa mukakhala ndi ana oti muwadyetse. Funso lachitatu: kodi chofunachi chili ndi mtundu wake waung'ono umene ungagwire ntchito yomweyo? Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapulumukira.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poyerekeza chabe, pakuti mitengo mudzaifunsa nokha tsiku lake. Tinene kuti mnyamata wabwera ndi K1,200,000. Foni imene wasirira ndi ya K400,000. Kosi yokonza njinga zamoto, pamodzi ndi zonse, ndi K600,000. Puloti pafupi ndi msewu wopita ku Chiponde akuti K700,000. Ukwati wa phwando, K800,000. Zonse zikukwana K2,500,000, kuposa kawiri zimene ali nazo. Akagawa pang'onopang'ono ponseponse, adzakhala ndi kosi yosamaliza, puloti yosamaliza kulipira ndi ngongole ya ukwati.

Ndikanakhala malume ake, ndikanati ayambe wapatula K150,000 ya chimanga ndi matenda, asaikhudze. Wopanda kandalama kotere, mwana wa mlongo wake akadwala mu Febuluwale amagulitsa masipanala pa mtengo wolira.

Kenaka K600,000 ipite ku luso. Onani kuti sindinawerengere fizi yokha. Fizi ingakhale K300,000, koma pali K150,000 ya chakudya ndi thiransipoti pa miyezi yophunzira, ndi K150,000 ya masipanala, pampu ndi zina zoyambira. Ambiri amalipira fizi n'kuiwala zida, ndipo satifiketi imakagona m'sutikesi. Musanalipire, fufuzani ngati malowo ndi ovomerezeka ndi TEVETA, ndipo pemphani kuti akuonetseni anthu awiri kapena atatu amene anaphunzira pomwepo ndipo akudya za luso lawo. Akamazungulira poyankha, bwezani ndalama m'thumba. Yang'ananinso mudzi wanu. Kuwotcherera kumafuna magetsi. Ngati kwanu sanafike, mudzafunika kuchita lendi kwina. Njinga za kabaza zimene zimakwera ndi kutsika phiri tsiku ndi tsiku zimatha mabuleki ndi matcheni, ndipo ntchito yake imatheka pansi pa mtengo wa mango.

Foni agule ya K60,000, yoti makasitomala azimupeza ndi kumulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ntchito imene foni ya K400,000 ikanagwira pa geni yake, iyinso igwira. K340,000 yotsalayo inali yogulira maso a anthu basi.

Za ukwati, mvetsetsani, sindikuti musakwatire kapena muzingokhalira limodzi mwachisawawa. Ukwati ndi phwando ndi zinthu ziwiri. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo. Chofunika ndi ankhoswe a mbali zonse, shehe kapena abusa, mboni, ndi mahari amene mwagwirizana ngati ndinu Asilamu. Ndi K190,000 mungamange ukwati waulemu ndi kudyetsa abale apafupi. Holo, zokuzira mawu ndi galimoto zamaluwa zingadikire. Ndipo musawerengere perekaniperekani ngati ndalama yanu. Simudziwa kuti m'mbale mudzagwa zingati, pamene wokupatsani katundu pa ngongole adzafuna zake zonse. Mtsikana mumuuze poyera masamu onsewa, muwerengere limodzi. Banja limene layamba ndi kubisirana za ndalama limavuta kuwongola.

Zatsala K200,000, ndipo puloti ndi ya K700,000. Apa pali msampha mbali ziwiri. Kusunga ndalama pansi pa mphasa n'kutaya: mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, moti amene anangogwirizira makwacha anaona malata ndi simenti zikuwathawa. Koma kuthamangira malo n'koopsanso. Kuno malo ambiri ndi a mbumba, ndipo mwamuna mmodzi sangagulitse yekha popanda alongo ake kuvomera. Mukaona wogulitsa akukufulumizitsani, akukana kuti mukaonane ndi amfumu, kapena akuti alongo ake musawavutitse, dziwani kuti mukugula mlandu. Malo mukawaone nthawi ya dzinja, muone kumene madzi otsika m'phiri amadutsa. Malire muyende ndi amfumu ndi oyandikana nawo. Zonse zikakhala bwino, perekani K200,000 ngati chiyambi, mulemberane pa pepala mtengo wonse, zimene mwapereka, ndi masiku omalizira, mboni zisainire. Mwini akakana kuti mulipire pang'onopang'ono, ikani ndalamayo ku banki mkhonde ya anthu amene mumawadziwa, mpaka masipanala atayamba kubweretsa zowonjezera.

Mndandanda uwu si wa aliyense. Amene luso ali nalo kale, monga telala amene akulipira lendi pa khonde la sitolo ya wina, kwa iye puloti ya pamsewu ndiyo ibereke, ndipo ikhale patsogolo. Mayi wogulitsa usipa wouma kwa anthu a ku Limbe, amene amafuna kuona chithunzi cha katundu asanatumize ndalama, kwa iye foni yojambula ndi khasu lake. Zofuna zimasinthana malo, koma mafunso atatu aja sasintha.

Choncho ndalama ikadzafika, musapite nayo kumsika tsiku lomwelo. Igone masiku asanu ndi awiri. Tengani kope, lembani zofuna zonse ndi mtengo wake weniweni, kuphatikizapo zimene chilichonse chidzadye mukachigula. Mukatero pitani nalo kopelo kwa malume anu kapena kwa munthu amene anamangapo nyumba ndi thukuta lake, osati kwa mnzanu amene akudikira kuti mumugulire zakumwa. Ine ndikanakhala ndi masiku asanu ndi awiri amenewo, chaka chija sindikanagwirira katapila.